K1,500 ya mayi wa kachewere: kodi nkhani yangayi ikumveka?

Cholembera_cha_Bembeke

Moni nonse pa gulu pano. Ndalemba nkhani yaifupi ndipo ndikupempha kuti muiwerenge ndi diso lakuthwa, makamaka inu amene mumagulitsa m'magolosale ndi m'maokala, chifukwa funso langa ndi limodzi lokha: kodi mmene mwini golosaleyu akutulukira kuti walakwitsa chenje ndi zinthu zoti zingachitikedi? Nkhaniyo ndi iyi.

Linali tsiku la msika pa Lizulu, ndipo dzuwa litapendeka chifunga chinayamba kutsika. Magetsi anali atazima kuyambira masana, moti m'golosale munali kamdima. Mwini golosale anali yekha pa kauntala, chifukwa mnyamata womuthandiza anali atapita kumaliro ku Mlangeni. Kenaka analowa mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere, mwana ali kumsana, ndipo anaitanitsa paketi ya shuga ya K3,000, sopo wamtanda wa K1,400, mchere wa K600 ndi kandulo imodzi ya K350.

"Zonse pamodzi K5,350, mayi," anatero mwini golosale.

Mayiyo anamasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje, natulutsa ndalama ziwiri zopindapinda, K5,000 ndi K2,000. Pa nthawi yomweyo anthu ena atatu anali kufuula kumbuyo kwake, wina akufuna mafuta ophikira, wina mayunitsi. Mwini golosale anaona nkhope ya Chilembwe pa ndalama yachiwiriyo, anaiyesa K500, naiponya m'dulowa. Anabweza K150. Mayiyo anayang'ana ndalamazo kanthawi, anazimanga pa chitenje, natuluka osanena kanthu.

Usiku atatseka chitseko, mwini golosale anayatsa nyali nayamba kuwerenga ndalama za tsikulo. Anapeza kuti zapitirira ndi K1,500. Anawerenganso kachiwiri, ndipo zinali chimodzimodzi. Anakhala chete, kenaka anakumbukira mmene mayi wa kachewere anayang'anira chenje chake. Mkazi wake, amene anabwera kudzamuitana kuti nsima ikuzizira, anati, "Bambo, ndalama yopitirira si tsoka. Dzulo munashota K800, kodi alipo anakubwezerani?" Iye sanayankhe. M'mawa kusanache bwino anatenga K1,000 ndi K500, nayenda m'mbali mwa msewu waukulu mpaka pomwe amayi amaunjika mbatata. Anamupeza mayiyo akumasula thumba.

"Mayi, dzulo ndinakubwezerani mopelewera. Iyi ndi yanu."

Mayiyo anapukuta manja, analandira ndi manja awiri, ndipo anati, "Ndimadziwa, bambo."

Nkhani yathera pamenepo. Ndikuyembekezera maganizo anu.

Mayi_a_Mapasa

Bamboyu Mulungu amudalitse, ndipo mutiuze golosale yake ili mbali iti ya msika kuti tizikagula kumeneko. Ine chaka chatha pa Chimbiya ndinapereka K5,000 pogula zinthu za K900, koma wogulitsa anandibwezera K100 yokha n'kumalimbikira kuti ndamupatsa K1,000. Tinakangana mpaka anthu kusonkhana, ndipo ndalama yangayo sindinaionenso.

Mphunzitsi_Wopuma

Mayi a Mapasa, nkhaniyi ndi yopeka, golosaleyo simukaipeza. Komabe zimene zinakuchitikirani zikumuthandiza wolembayu, chifukwa vuto lake ndi lofanana. Pa K1,000 ndi pa K5,000 pali nkhope ya Kamuzu Banda, monganso pa K500 ndi pa K2,000 pali nkhope ya John Chilembwe. Munthu wotopa amene akuyang'ana nkhope osati nambala akhoza kusokoneza ndalama zimenezi, makamaka zikakhala zothaitha ndi zopinda. Pamenepa wolemba wagwira mfundo yeniyeni. Ndingokumbutsa kuti K2,000 inatuluka mu 2016 ndipo K5,000 inatuluka mu 2022, choncho nkhaniyi ikuchitika posachedwapa, ndipo mitengo imene ili m'menemo iyenera kugwirizana ndi nthawi imeneyo.

Kabaza_wa_Mlangeni

Ine ndikuona kuti masamu a nkhaniyi ndi olakwika. Mayiyo anapereka K7,000, katundu anali wa K5,350, ndiye chenje chinayenera kukhala K1,650. Bwanji nanga bamboyu akukapereka K1,500 yokha? Ndiye kuti wamuberanso kachiwiri.

Kalaliki_wa_pa_Boma

Achimwene a kabaza, mwawerenga bwino mpaka pa K1,650, koma mwaiwala K150 imene mayiyo analandira kale pa kauntala. Mukachotsa K150 pa K1,650 patsala K1,500, yomwenso ndi kusiyana kwa K2,000 ndi K500. Masamu ali bwino.

Kabaza_wa_Mlangeni

Chabwino, koma ngati ine ndasokonezeka ndiye kuti owerenga enanso asokonezeka. Wolemba aikepo chiganizo chimodzi chosonyeza kuwerengako, m'kamwa mwa bamboyo ngakhale m'maganizo mwake.

Golosale_ya_pa_Mseu

Mayi wolemba, ine ndimagulitsa m'golosale yanga kufupi ndi Ntcheu boma, ndipo ndikuyankhani molunjika funso lanu. Kulakwitsako kungachitike, koma katulukiridwe kake sikangachitike mmene mwalemberamu.

Mwalemba kuti usiku anawerenga ndalama napeza kuti zapitirira ndi K1,500. Funso langa ndi lakuti, zapitirira poyerekeza ndi chiyani? Kuti munthu adziwe kuti m'dulowa mwapitirira ndalama, ayenera kudziwa kaye kuti munayenera kukhala zingati. Zimenezi zimafuna kuti adziwe ndalama zing'onozing'ono zimene anayamba nazo m'mawa, alembe chilichonse chimene wagulitsa, alembenso chilichonse chimene chatuluka, monga ndalama imene wapatsa wobweretsa buledi, imene mkazi wake watenga yogulira ndiwo, ndi katundu amene wapita pa ngongole. M'masitolo akuluakulu makina ndiwo amachita zimenezi, ndipo risiti iliyonse imatsala. Golosale ya pa Lizulu, pa tsiku la msika, mwini wake ali yekha, magetsi atazima, sangalembe machesi aliwonse ndi switi iliyonse. Ambirife timadziwa ngati zinthu zikuyenda powerengera sitoko pakatha sabata kapena mwezi, ndipo pamenepo K1,500 imangosowa mkati mwa zina zambiri.

Ngakhale titati bamboyu ndi munthu wolemba chilichonse m'kope, vuto lachiwiri likutsala. Ndalama yopitirira usiku siitchula dzina la mwini wake. Pa tsiku lotero pa kauntala padutsa anthu ochuluka, ndipo K1,500 ikhoza kukhala ya munthu mmodzi, kapena ya anthu atatu amene aliyense anapelewera K500, kapena katundu amene anagulitsidwa koma osalembedwa. Kawirikawiri ndi chomalizachi. Ine ndikapeza ndalama yopitirira, choyamba ndimayang'ana pa shelefu, osati m'chikumbumtima.

Chimene chingamugwire munthu ngati ameneyu ndi dulowa yake. Wogulitsa wozolowera sasakaniza ndalama. Ma K500 amakhala pa mulu wawo, ma K1,000 pawo, ndipo ma K2,000 ndi ma K5,000 ambirife timawabisa pansi kapena m'thumba lapadera. Ngati iye anaiyesa K500, ndiye kuti anaiika pa mulu wa ma K500. Kasitomala wotsatira akafuna chenje cha K500, dzanja lake lidzatola ndalama ya pamwamba, ndipo pofuna kuipereka adzaona kuti ndi K2,000. Pamenepo palibenso kukayika, chifukwa ndalama ya pamwamba pa mulu ndi imene yalowa pomaliza, ndipo amene wapereka ndalama ya Chilembwe pomaliza akumukumbukira, wangotuluka kumene. Umboni wake uli m'manja, ndipo munthu wake akanali pafupi.

Cholembera_cha_Bembeke

Zikomo bambo, mfundo ya mulu wa ma K500 ndi yamphamvu. Koma ikundilanda usiku. Ine ndikufuna bamboyu agone nayo nkhaniyi, amve mawu a mkazi wake, akhale ndi mpata wokwanira woti angathe kungokhala chete. Akatulukira pomwepo n'kuthamangira mayiyo pa khomo, nkhani yatha isanayambe.

Golosale_ya_pa_Mseu

Usiku wanuwo simuutaya. Atulukire pomwepo, koma alephere kuchoka. Mwalemba nokha kuti mnyamata wake kulibe ndipo pa kauntala pali anthu atatu. Palibe mwini golosale amene angasiye dulowa yotsekula pa tsiku la msika kuti athamangire munthu mkati mwa chigulu cha anthu. Akhoza kusuzumira pa khomo, n'kuona kuti mayiyo walowa kale pakati pa maminibasi. Ndiye aike K2,000 ija pambali, mwina pansi pa mwala wa sikelo, apitirize kugulitsa. Usiku akamawerenga ndalama, ija ili payokha ndipo akudziwa bwino mwini wake. Mawu a mkazi wake akhala olemera kuposa kale, chifukwa tsopano bamboyo sangabisale kunena kuti sakudziwa kuti ndi ya yani.

Mbatatesi_ya_Tsangano

Nonsenu mukulimbana ndi mwini golosale, koma amene sakumveka m'nkhaniyi ndi mayiyo. Ine mayi anga amagulitsa mbatata, ndipo ndakulira pakati pa amayi amenewa. Munthu amene watha tsiku lonse akunenerera mtengo wa ndowa ndi oyendetsa magalimoto, amene amadziwa kusintha makwacha ndi ndalama za ku Mozambique m'mutu popanda pepala, sangapereke K7,000 n'kulandira K150 n'kutuluka mwakachetechete. Akanafuula pomwepo. Pomaliza mwamulankhulitsa kuti "ndimadziwa". Ngati amadziwa, n'chifukwa chiyani sananene? Nkhani siikutiuza, ndipo ine monga wowerenga ndikuona ngati wolemba wamutseka pakamwa mayiyu dala kuti bamboyo aoneke wolungama.

Cholembera_cha_Bembeke

Ndinasiya dala osafotokoza, kuti wowerenga adzifunse yekha. Alipo anthu amanyazi, ndipo alipo amene amaopa kutsutsana ndi munthu wamkulu pamaso pa anthu.

Mbatatesi_ya_Tsangano

Alipodi, koma sagulitsa mbatata pa Lizulu. Mukafuna munthu wamanyazi, lembani za kamtsikana kotumidwa ndi agogo ake.

Mphunzitsi_Wopuma

Ndikugwirizana ndi a Mbatatesi pa theka. Kusiya chinthu osachifotokoza n'kololedwa m'nkhani yaifupi, koma wolemba ayenera kubisa yankho penapake m'nkhanimo, kuti wowerenga watcheru akabwerera m'mbuyo alipeze. Pakali pano yankholo mulibe. Komabe sindikuvomereza zosintha mayiyu kukhala mwana. Mwana sadziwa kanthu, choncho mawu omaliza aja atayika, pamene mawuwo ndiwo chinthu chabwino koposa m'nkhani yonseyi.

Ndiloleni ndipereke njira ina. Golosale iliyonse ya kwathu kuno ili ndi kope la ngongole. Tiyerekeze kuti mayiyu ali m'kopemo, anatenga katundu wa K1,500 mwezi wapita mbatata isanakhwime, ndipo sanabweze. Akalandira K150, iye akuwerenga mofulumira m'mutu monga a Mbatatesi anenera, akuona kuti kwasowa K1,500 ndendende, ndipo akuganiza kuti bamboyo wadzidulira ngongole yake mwakachetechete kuti asamuchititse manyazi pamaso pa anthu. N'chifukwa chake akuyang'ana ndalamazo kanthawi n'kutuluka osanena kanthu. Apa mayiyu sali wopusa kapena wamantha, ndipo mawu aja akuti "ndimadziwa" akupeza poimira.

Kabaza_wa_Mlangeni

Aphunzitsi, ngati ndi choncho ndiye nkhani palibe. Mayiyo anali ndi ngongole ya K1,500, bamboyo watsala ndi K1,500, zathana. Angofufuta m'kope basi, ulendo wa m'mawawo ndi wa chiyani?

Golosale_ya_pa_Mseu

Achimwene, pa masamu zathana, koma pa malonda sizinathe, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ingakomere. Ngongole siidulidwa mwakabisira. Munthu akabwera kudzagula ndi ndalama m'manja pamene ali m'kope, wogulitsa amamufunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, kaja tichotsepo lero?" Akavomera, kope limatsekulidwa pamaso pake, mzere umadulidwa iye akuona, ndipo tsiku limalembedwa. Chifukwa chake n'chakuti wogulitsa sadziwa ntchito ya ndalama imene ili m'manja mwa kasitomala. K1,650 ija mwina inali yolipira ngolo imene inanyamula matumba, mwina inali ya mwini munda amene anamupatsa mbatata kuti alipire akagulitsa. Ukaidula osafunsa, wamuika m'mavuto ndi munthu wina.

Palinso china. Tiyerekeze kuti bamboyu wangokhala chete ndipo sanafufute m'kope. Mayiyo kwawo akuona kuti ngongole inatha. Patapita sabata mnyamata wabwerako kumaliro, watsekula kope, wapeza K1,500 ikanalipo, ndipo akumukumbutsa mayiyo. Mkangano wake ungakhale woipa kuposa wa Mayi a Mapasa pa Chimbiya, popeza aliyense angakhale akunena zoona. Choncho ulendo wa m'mawa ndi wofunika ndithu, ndipo ine ndikanalemba kuti apite ndi zinthu ziwiri, ndalama m'dzanja lina ndi kope m'dzanja lina, kuti mayiyo asankhe yekha.

Kalaliki_wa_pa_Boma

Njira ya aphunzitsi ndi yokoma, koma ili ndi chofooka chimodzi: ngongole ikufanana ndendende ndi ndalama yolakwika. Wowerenga adzaona kuti wolemba wachita kulinganiza. Ngongole za m'kope sizikhala zozungulira bwino chotero. Bwanji ikhale K1,450 kapena K1,700? Ikakhala K1,450, mayiyo akhoza kuganiza kuti bamboyo waonjezapo K50 chifukwa chochedwa kubweza, n'kupita kwawo ndi kakukhumudwa kamene sanganene. Ndiye m'mawa zokambirana zawo zikhala ndi mnofu.

Popeza ntchito yanga ndi yoyanjanitsa mabuku a ndalama, ndionjezepo kanthu kamene wolemba angagwiritse ntchito ngati akufunabe kuti bamboyo awerenge usiku. Kukula kwa ndalama yosiyanayo kumalozera mtundu wa cholakwa. Ikakhala K1,500, timaganizira K2,000 imene yawerengedwa ngati K500. Ikakhala K4,000, timaganizira K5,000 imene yawerengedwa ngati K1,000, ndipo mukaona bwino, Mayi a Mapasa anayenera kulandira K4,100 koma analandira K100, kusiyana kwake K4,000 ndendende. Ikakhala ndalama yogawika ndi 9, nthawi zambiri ndi manambala amene atembenuzidwa polemba. Mwachitsanzo, munthu akalemba K5,530 m'malo mwa K5,350, kusiyana kwake ndi K180, ndipo 180 imagawika ndi 9 popanda chotsala. Mwini golosale wokalamba akhoza kudziwa zimenezi ngakhale sanaziphunzire m'kalasi.

Mayi_a_Mapasa

Ndiye mukutanthauza kuti wa pa Chimbiya uja sanandibere dala? Ine sindikhulupirira. Ndinamuuza kuti atsekule dulowa tione, ndipo anakana.

Golosale_ya_pa_Mseu

Mayi, sindingamuweruze popeza kunalibe ine, koma kukana kwake ndikukumvetsa pang'ono. Alipo anthu amene amagula kanthu kakang'ono ndi K1,000, n'kudikira kuti ndalamayo ilowe m'dulowa, kenaka n'kuyamba kufuula kuti anapereka K5,000. Wogulitsa akatsekula dulowa, K5,000 mupezeka ndithu, ya kasitomala wina, ndipo wakubayo angoiloza. Mankhwala ake ndi amodzi kwa onse awiri. Ndalama ya kasitomala siyenera kulowa m'dulowa chenje chisanaperekedwe. Ine ndimaitambasula pa kauntala, ndimatchula mokweza kuti "mwandipatsa K7,000", ndimaitsindika ndi mwala wa sikelo, kenaka ndimawerenga chenje kuyambira pa mtengo kukwera m'mwamba. Pa nkhani yathuyi ndikanati K5,350, ndaika K50 yakwana K5,400, ndaika K100 yakwana K5,500, ndaika K500 yakwana K6,000, ndaika K1,000 yakwana K7,000. Kasitomala akalandira ndi kuvomera, m'pamene ndalama yake imalowa. Wowerenga chotere sachotsera m'mutu, ndipo akalakwitsa potchula ndalama imene walandira, mwini wake amamukonza nthawi yomweyo.

N'chifukwa chake ndikupempha wolemba kuti atisonyeze kumayambiriro kuti bamboyu amachita zimenezi masiku onse, ndipo tsiku ili lokha wadumpha chifukwa cha phokoso ndi kutopa. Akapanda kutero, wowerenga wodziwa malonda adzangoti uyu ndi wogulitsa wosasamala, ndipo sadzamumvera chisoni.

Mnyamata_wa_pa_Kauntala

Ine ndine wolembedwa ntchito m'golosale ya munthu wina ku Dedza, ndipo ndikuona kuti nkhaniyi mwaipeputsa poika mwini wake pa kauntala. Mwini golosale akabweza K1,500 sataya kanthu, chifukwa ndalamayo sinali yake. Koma ife olembedwa ntchito, shoti iliyonse imadulidwa pa malipiro, pamene ndalama ikapitirira abwana amangoitenga osanena kanthu. Tsiku lina ndinabwezera munthu chenje chopitirira ndi K1,000, ndipo pakutha pa mwezi inachotsedwa. Tsopano taganizani mnyamata amene ali kale ndi shoti ya K2,000 mwezi umenewo, ndiye wapeza K1,500 ya mayiyu pa mulu wolakwika. Akangokhala chete, shoti yake yatsika kufika pa K500. Ameneyo ndiye ali pa mayeso enieni.

Mbatatesi_ya_Tsangano

Achimwene anena zoona. Mwini golosale wa m'nkhaniyi anashota K800 yokha dzulo lake, ndipo mawa adzaipeza pa phindu la shuga.

Golosale_ya_pa_Mseu

Phindu la shuga musalitchule mopepuka, a Mbatatesi. Shuga, sopo ndi mchere ndi katundu woyenda msanga koma wa phindu lochepa, chifukwa aliyense amadziwa mtengo wake ndipo golosale yoyandikana nayo ikugulitsa zomwezo. Titayerekeza kuti pa paketi iliyonse akupindula K150, ndiye kuti K1,500 ndi phindu la mapaketi khumi, tisanachotsepo thiransipoti yokapikulira. Mkazi wake akamati ndalama yopitirira si tsoka, sakulankhula ngati wakuba ayi, akulankhula ngati munthu amene amadziwa kuti mpamba ukuchepa nthawi iliyonse akapita kukaoda. Mayi wolemba, mkaziyu mumupatse ziganizo zina ziwiri kapena zitatu, asaoneke ngati woyesa anthu chabe. Koma pa za mnyamata wolembedwa ntchito sindikutsutsa, vuto lake ndi lolemera kuposa la mwini.

Mphunzitsi_Wopuma

Ndi lolemeradi, koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo achimwene a pa kauntala ailembe okha chifukwa akuidziwa mkati ndi kunja. Mnyamata wolembedwa ntchito alibe mphamvu pa kope la ngongole, sangasankhe kufufuta kapena kusiya, choncho mukamuika pa kauntala, mbali yonse ya ngongole igwa. Wolemba asankhe chimodzi. Nkhani yaifupi siinyamula mayeso awiri.

Ndikhudzeko pang'ono chinenero. Mwalemba kuti "anabweza K150" n'kudutsa. Apa ndi pamene cholakwa chikuchitikira, ndiye chedwanipo. Titchulireni kuti anatola K100 ya Sangala ndi K50 ya Inkosi ya Makhosi Gomani II, popeza bamboyu ndi munthu wozindikira ndalama ndi nkhope zake, ndiponso nkhani ikuchitikira pa Lizulu, kwawo kwa a Gomani. Wowerenga akaona kuti iye amatchula ndalama ndi nkhope, adzamvetsa yekha chifukwa chake Chilembwe awiri anamusokoneza, popanda inu kufotokoza.

Kabaza_wa_Mlangeni

Nanga bwanji osatembenuza nkhani yonse? Bamboyo abweze chenje chopitirira, ndiye tione ngati mayiyo abwera nacho.

Mphunzitsi_Wopuma

Mukatembenuza, mwini nkhani akhala mayiyo, chifukwa chosankha chili m'manja mwake, ndipo bamboyo angokhala wodikira. Wolemba wathu akufuna za munthu amene wawerenganso n'kupeza kuti wolakwa ndi iye mwini, ndipo palibe amene akumukakamiza kuulula.

Cholembera_cha_Bembeke

Ndawerenga zonse. Za mulu wa ma K500, za mwala wa sikelo ndi za kope la ngongole ndiziika, ndipo ngongoleyo ikhala K1,450 monga a Kalaliki anenera. Mnyamata atsale kumaliro. Chimene sindinagamule ndi mathero. Bamboyo akafika ndi ndalama ndi kope, mayiyo atenge chiti? Ndikuganiza kuti alandire K1,500, aiwerenge pamaso pake, atengepo K1,000 n'kumubwezera kuti aichotse pa ngongole, K500 yotsalayo amange pa chitenje, ndipo m'kope mutsale K450. Kodi zimenezi zikumveka kwa inu amalonda?

Golosale_ya_pa_Mseu

Zikumveka, ndipo ndi mmene amayi ambiri amabwezera, pang'onopang'ono. Koma bamboyo akhale ndi cholembera m'thumba, alembe K450 pomwepo mayiyo akuona.

Mbatatesi_ya_Tsangano

Kwa ine sizikumveka. M'mawa ndi nthawi yopikula, ndipo mayi wa mbatata amene sanagulitse ndowa ngakhale imodzi satulutsa ndalama kubweza ngongole, makamaka ndalama imene anaiwerengera kale kuti inapita. Atenga K1,500 yonse, awonjezere pa mpamba wa tsikulo, n'kumuuza bamboyo kuti za kope akambirana madzulo akagulitsa. Komanso musaiwale kuti anzake okhala nawo pa mzere akuona. Mwini golosale akatsekula kope la ngongole pamaso pawo, wamuchititsa manyazi omwe aja amene mayiyo ankaganiza kuti anamupewetsa dzulo. Kopelo alisiye ku golosale.

Golosale_ya_pa_Mseu

Akalisiya, ndiye amuuze ndi pakamwa kuti ngongole ikanalipo, apo ayi mayiyo adzaganiza kuti wakhululukiridwa. Ndipo kunena ndi pakamwa anzake amva chimodzimodzi, pokhapokha amuitanire pambali.

Mbatatesi_ya_Tsangano

Mwamuna wa mwini kuitanira mkazi wa mwini pambali m'bandakucha n'kumupatsa ndalama, amayi a pa mzere akuona? Bambo, mwaiwala kuti tili pa Lizulu. Ngati wolemba akufuna kuti zimveke, apite ndi mkazi wake uja, ndipo ndalamayo apereke ndi mkaziyo.

Cholembera_cha_Bembeke

Mkazi yemwe uja amene anati ndalama yopitirira si tsoka? Ndiye ndiyenera kulemba chimene chinamusintha maganizo usikuwo, kapena apite akung'ung'udza njira yonse. A Mbatatesi, tawafunsani mayi anu ngati angalandire ndalama yotere kuchokera kwa mkazi wa mwini golosale pamaso pa anzawo, ndiponso ngati angaiwerenge pomwepo kapena angadikire kuti achoke kaye.